Gwero Lomwe Silizimitsidwa Powerengera Magetsi

Ophunzira za magetsi, kaya ku MUBAS mu mzinda wa Blantyre kapena m'makoleji a ntchito zamanja, amaphunzitsidwa njira ina yowerengera imene ambiri amaikonda chifukwa imapeputsa ntchito. Dzina lake ndi supapozishoni. Njirayi imati ngati seketi ili ndi magwero angapo a magetsi, musalimbane nawo onse nthawi imodzi. Siyani gwero limodzi likugwira ntchito, ena onse muwazimitse, muwerengere zimene gwero limodzilo likuchita. Mukatero chitani chimodzimodzi ndi gwero lachiwiri, lachitatu, mpaka onse atha, kenako muphatikize mayankho. Katswiri wa ku Germany, Hermann von Helmholtz, anafotokoza mfundoyi m'chaka cha 1853, ndipo mpaka lero ndi imodzi mwa njira zoyambirira zimene wophunzira amapatsidwa.

Koma lamuloli lili ndi mchira wake. Pali mtundu wina wa magwero umene suzimitsidwa, ngakhale ena onse atazimitsidwa. Awa ndi magwero odalira. Ambiri amangoloweza kuti sazimitsidwa, osadziwa chifukwa chake, ndipo choloweza chopanda chifukwa chimathawa m'mutu tsiku la mayeso kapena tsiku limene wailesi ya munthu ili pa tebulo lako yotsegula. Chifukwacho si chovuta, ndipo chimaoneka bwino munthu akawerengera seketi imodzi mpaka kumapeto.

Magwero a mitundu iwiri

Choyamba tigwirizane pa zinthu zitatu. Voliteji ndi mphamvu imene imakankha magetsi, ndipo imayezedwa m'mavoliti. Karenti ndi kuchuluka kwa magetsi amene akuyenda m'waya, ndipo imayezedwa m'maampu. Rezisita ndi kachipangizo kamene kamachepetsa kuyenda kwa magetsiwo, ndipo kukula kwake kumayezedwa m'maohomu. Georg Ohm anasonyeza mu 1827 kuti zitatuzi ndi zomangana: voliteji imene imathera pa rezisita ndi karenti kuchulukitsa ndi maohomu ake. Maampu 2 akadutsa mu rezisita ya maohomu 3, pamenepo pathera mavoliti 6.

Gwero loima palokha ndi limene silifunsa kwa wina kuti lipereke zingati. Batire la mavoliti 12 limapereka mavoliti 12, kaya mwalumikizako babu limodzi kapena awiri. Palinso gwero la karenti, limene limakankha maampu omwewo mosaona chimene chili patsogolo pake. Sola ikakhala pa dzuwa losasintha imachita zofanana ndi zimenezi pa gawo lalikulu la ntchito yake. Pa pepala, magwero oima paokha amajambulidwa ngati kabwalo kozungulira.

Gwero lodalira lilibe nambala yakeyake. Zimene limapereka zimachokera pa zimene zikuchitika pamalo ena mu seketi yomweyo. Limajambulidwa ngati kabokosi ka ngodya zinayi koimirira pa nsonga, ndipo pambali pake sipalembedwa nambala yokha ayi, pamalembedwa chinthu monga 2i, kutanthauza kuti voliteji yake ndi kawiri ka karenti ina imene yatchedwa i. Karentiyo ikakwera, nalo limakwera. Ikatsika, limatsika. Ikatha, limakhala chete. Lili ngati womasulira amene waima pambali pa mlaliki: alibe ulaliki wake, amangobwereza mokweza zimene wamva, ndipo mlaliki akasiya kulankhula, nayenso amasiya popanda womuuza.

Gwero lotere simungakaligule m'sitolo. Ndi njira yojambulira khalidwe la zipangizo zenizeni, makamaka transista, imene inapangidwa koyamba ku Bell Labs ku America mu 1947. Mu transista wamba, kakarenti kakang'ono kolowera mwendo umodzi kamalamulira karenti yaikulu yodutsa mwendo wina, ndipo nthawi zambiri yaikuluyo imaposa yaing'onoyo ka 100 kapena kupitirira apo. Wojambula seketi ya wailesi kapena ya ampulifaya akafuna kuwerengera, amachotsa chithunzi cha transista n'kuikapo gwero lodalira. Choncho kuzimitsa gwero limeneli pa pepala n'chimodzimodzi kuzula transista pa bolodi.

Seketi imodzi, kuyambira poyamba mpaka pomaliza

Tengani pepala mujambule mzere pansi, umene ukhale waya wobwerera, ndi kadontho pamwamba, kamene tikatche mphambano A. Pakati pa ziwirizi pali nthambi zitatu. Nthambi yoyamba ili ndi batire la mavoliti 12 ndi rezisita ya maohomu 3, ndipo karenti imene ikuchoka ku batire kupita ku A tiitcha i. Nthambi yachiwiri ili ndi gwero la karenti limene likukankhira maampu 3 mu mphambano A. Nthambi yachitatu ikuchoka pa A kutsikira pansi, kudutsa rezisita ya ohomu 1, kenako gwero lodalira limene voliteji yake ndi 2i, ndipo laikidwa molimbana ndi karenti yotsikayo. Funso ndi lakuti, kodi i ndi maampu angati?

Tigwiritsa ntchito malamulo awiri amene Gustav Kirchhoff analemba mu 1845. Loyamba limati karenti yonse yolowa pa mphambano iyenera kutulukanso. Lachiwiri limati mukazungulira njira yotsekeka, mavoliti amene magwero apereka ayenera kufanana ndi amene athera m'njiramo.

Tiyambe ndi batire lokha. Gwero la karenti likazimitsidwa limapereka maampu 0, ndipo nthambi imene simukuyenda kanthu ili ngati waya wodulidwa, choncho nthambi yachiwiri timaifufuta. Patsala njira imodzi yozungulira. Karenti ya gawo loyambali, i₁, ikudutsa m'marezisita onse awiri, ndipo gwero lodalira likadali pamalo pake, likupereka kawiri ka i₁:

```
12 = 3i₁ + 1i₁ + 2i₁
i₁ = 2
```

Batire palokha likuyendetsa maampu 2, ndipo pa gawo limeneli gwero lodalira likupereka mavoliti 4.

Tsopano tibwezeretse gwero la karenti, tizimitse batire. Batire lozimitsidwa limapereka mavoliti 0 koma njira imakhalapobe, choncho m'malo mwake timajambula waya wamba. Izi ndi za pa pepala pokha. Munthu asayese kulumikiza mitu iwiri ya batire lenileni ndi waya, chifukwa wayayo amapsa nthawi yomweyo ndipo batire likhoza kuphulika. Pa mphambano A pakulowa i₂ kuchokera ku nthambi yoyamba ndi maampu 3 kuchokera ku yachiwiri, ndiye m'nthambi yachitatu mukutsika i₂ + 3. Gwero lodalira likadalipo, koma tsopano likumvera i₂:

```
0 = 3i₂ + 1(i₂ + 3) + 2i₂
i₂ = −0.5
```

Chizindikiro chochotsera chikutiuza kuti gwero la karenti palokha limabweza theka la ampu kulowera ku batire, mosemphana ndi kumene tinalozetsa muvi wathu. Pa gawo ili gwero lodalira likupereka −1, kutanthauza voliti imodzi yoloza mbali inayo.

Tikaphatikiza 2 ndi −0.5 tikupeza maampu 1.5. Yankholi tingaliyese mu seketi yathunthu, magwero onse ali oyaka. Tikafika pa A kudzera ku batire, pa mavoliti 12 tichotsapo 4.5 amene athera pa rezisita ya maohomu 3, ndipo patsala 7.5. Tikafika pa A kudzera nthambi yachitatu, mukuyenda maampu 4.5 amene akusiya mavoliti 4.5 pa rezisita ya ohomu 1, ndipo gwero lodalira likuwonjezerapo 3. Pamodzi ndi 7.5. Njira ziwiri zosiyana zatifikitsa pa nambala imodzi, ndiye yankho lathu ndi loona. Onaninso kuti 3 wa gwero lodalirayo ndi 4 wa gawo loyamba kuphatikiza −1 wa gawo lachiwiri. Gwero lodalira silinapatsidwe gawo lakelake, koma linatenga mbali m'magawo onse awiri.

Chifukwa chenicheni

Tiyeni tilembe seketi yonse pa mzere umodzi, popanda kuzimitsa chilichonse, kenako tisonkhanitse zofanana:

```
12 = 3i + 1(i + 3) + 2i
(3 + 1 + 2)i = 12 − 3
```

Mzere wachiwiriwu ndi umene uli ndi nkhani yonse. Kumanja kuli 12 ndi 3, manambala ochokera ku magwero awiri oima paokha. Amenewa ndi amene alowa mu seketi kuchokera kunja, ndipo sasintha kaya i ikhale yotani. Kumanzere kuli zimene seketi imachita ndi zolowazo. Gwero lodalira, ngakhale dzina lake ndi gwero, lagwera kumanzere, lakhala limodzi ndi marezisita. 2 wake waima pambali pa 3 ndi 1, ndipo atatuwa apanga 6.

Supapozishoni si china koma kugawa mbali ya kumanjayo m'zidutswa. Timagawa 12 ndi 6 n'kupeza 2, timagawa −3 ndi 6 n'kupeza −0.5, kenako timaphatikiza. Izi zimatheka chifukwa wogawira ndi yemweyo, 6, m'magawo onse awiri. Tikazimitsa gwero loima palokha timangochotsa nambala imodzi kumanja, ndipo seketi imakhala yomweyo. Koma tikazimitsa gwero lodalira timasintha 6 uja kukhala 4. Pamenepo sitikuwerengeranso seketi imene tinapatsidwa. Tikuwerengera ina, yooneka ngati yoyambayo koma ya khalidwe lina. Palibe amene angaganize zochotsa rezisita ya maohomu 3 pochita supapozishoni, ndipo gwero lodalira liyenera kusiyidwa pa chifukwa chomwecho.

Pali njira inanso yoonera mfundoyi. Zimitsani batire ndi gwero la karenti nthawi imodzi, musiye gwero lodalira lokha. Mupeza kuti 6i ikufanana ndi 0, ndiye i ndi 0, ndipo gwero lodalira nalo likupereka 0. Palokha silingayambitse kanthu mu seketi imeneyi. N'chifukwa chake silipatsidwa gawo lake powerengera: gawolo likanangotulutsa 0.

Zolakwika ziwiri ndi mmene mungazigwirire

Cholakwika chofala kwambiri ndi kuzimitsa gwero lodalira m'magawo onse. Wochita zimenezi pa seketi yathu apeza maampu 3 pa gawo la batire, chifukwa agawa 12 ndi 4, ndipo apeza −0.75 pa gawo lachiwiri. Pamodzi ndi 2.25. Nambalayi ikuoneka yabwinobwino, ndipo palibe chimene chingamuchenjeze munthu pongoiyang'ana. Imagwidwa pokhapokha ikabwezedwa mu seketi yathunthu. Kudzera ku batire, mphambano A ikhala pa mavoliti 5.25. Kudzera nthambi yachitatu, ikhala pa 9.75. Malo amodzi sangakhale ndi mavoliteji awiri, choncho yankholo ndi labodza.

Cholakwika chachiwiri n'chobisika kuposa choyamba, chifukwa wochichita amakhala atamvera lamulo. Amasiya gwero lodalira loyaka, koma akapeza kuti pa gawo loyamba likupereka mavoliti 4, amanyamula 4 yemweyo kupita naye ku gawo lachiwiri ngati kuti gwerolo lasanduka batire. Akatero apeza −1.75 m'malo mwa −0.5, ndipo yankho lake lomaliza likhala 0.25. Kusiya gwero lodalira loyaka kumatanthauza kulisiya likumvera, ndipo pa gawo lililonse limamvera karenti ya gawo lomwelo. N'chifukwa chake ndi bwino kupatsa karenti dzina latsopano pa gawo lililonse, monga tachitira ndi i₁ ndi i₂, n'kulemba dzinalo pambali pa kabokosi ka gwero lodalira musanayambe kuwerengera.

Chinanso choyenera kusamala ndi nthambi imene muli karenti yolamulirayo. Pofufuta magwero ndi kuphatikiza marezisita kuti chithunzi chichepe, n'kosavuta kumeza nthambi imeneyi mosazindikira. Ikasowa pa pepala, gwero lodalira limatsala lopanda womumvera. Muvi wake usatembenuzidwenso pakati pa ntchito: kumene unaloza pa gawo loyamba ndi kumene uyenera kuloza pa magawo onse.

Kodi palibiretu njira yolizimitsira?

Mabuku ambiri amalemba lamuloli ngati lopanda potulukira, koma mphunzitsi wina wa ku Georgia Institute of Technology ku America, W. Marshall Leach, anasonyeza mu 1994 kuti potulukira palipo, malinga munthu asamale chinthu chimodzi. Gwero lodalira likhoza kupatsidwa gawo lake ngati magwero ena, koma karenti imene limamvera isasandutsidwe 0 ndipo isakhale ya gawo limodzi. Ikhale i yathunthu, ya seketi yonse, imene sitinaidziwebe.

Pa seketi yathu, magawo awiri oyamba atipatsa 3 ndi −0.75, manambala omwe aja a munthu wolakwitsa. Kusiyana kwake n'kwakuti pano pali gawo lachitatu. Gwero lodalira likhala lokha, likukankha mavoliti 2i mobwerera kudutsa maohomu 4, ndipo lipereka −0.5i. Tikaphatikiza zonse zitatu:

```
i = 3 − 0.75 − 0.5i
i = 1.5
```

Yankho ndi lomwe lija. Njira ya Leach sikutsutsa zimene tafotokoza, ikungozionetsa kuchokera mbali ina. Wolakwitsa uja sanalakwe pogawa seketi, analakwa potaya gawo la gwero lodalira osalibwezanso. Pa njira zonse ziwiri, mgwirizano wa pakati pa gwerolo ndi karenti yake uyenera kufika mpaka m'yankho lomaliza. Kwa woyamba kumene, njira yolisiya loyaka ndi yosavuta kutsata, chifukwa gawo lililonse limatulutsa nambala yeniyeni imene angathe kuiyesa payokha.

Pamene njirayi imathera

Zonsezi zimaoneka ndi maso, kapena kuti zimamveka ndi makutu, pa zokuzira mawu za m'tchalitchi kapena za pa ukwati. Maiki awiri amalowa mu mikisa imodzi. Tinene kuti mikisayo imakuza chilichonse cholowa ka 10. Maiki yoyamba ikapereka mamilivoliti 10, potulukira pamabwera 100. Yachiwiri ikapereka 20, pamabwera 200. Onse awiri akalankhula pamodzi, pa kamphindi kameneko pamabwera 300. Wokonza zipangizo akafuna kudziwa kuti phokoso likuchokera ku maiki iti, amatsitsa imodzi n'kumvetsera inayo, ndipo apa akuchita supapozishoni ndi manja. Sazimitsa mikisa. Maiki ndi magwero oima paokha, pamene matransista a m'kati mwa mikisa ndi magwero odalira.

Chitsanzo chomwechi chimaonetsanso malire a njirayi. Supapozishoni imagwira pokhapokha chotuluka chikamakula molingana ndi cholowa, kuti mukawirikiza cholowa kawiri, chotuluka nacho chiwirikize kawiri. Gwero la 2i limakwaniritsa zimenezi. Gwero limene lingamvere i kuchulukitsa ndi i yemweyo silingakwaniritse, ndipo kulisiya loyaka sikungapulumutse kanthu. Transista yeniyeni nayo imatsata mzere wowongoka pa kagawo kochepa chabe. Mphamvu imene imakuzira mawu siipanga yokha, imaitenga ku batire kapena ku magetsi a pakhoma, ndipo singatulutse voliteji yoposa imene yapatsidwa. Oimba akakuwira pa maiki onse awiri mpaka ampulifaya kufika pamapeto a mphamvu zake, nsonga za mawu zimadulidwa ndipo sipika imayamba kusasa. Zikafika apo, chotuluka sichikhalanso chophatikiza cha maiki awiriwo.

Mphamvu imene rezisita imasandutsa kutentha nayonso siphatikizidwa gawo ndi gawo, chifukwa imawerengedwa pochulukitsa karenti ndi karenti yomweyo kenako ndi maohomu. Mu rezisita yathu ya maohomu 3, gawo loyamba lingapereke mawati 12 ndipo lachiwiri 0.75, zimene pamodzi ndi 12.75. Koma karenti yeniyeni ndi maampu 1.5, ndipo kutentha kwenikweni ndi mawati 6.75. Makarenti ndi mavoliteji amayamba aphatikizidwa, mawati amawerengedwa pambuyo pake.

Choncho musanayambe kufufuta magwero pa pepala, funsani funso limodzi pa gwero lililonse: kodi nambala yake ingasinthe chinthu china mu seketi chikasintha? Ngati singasinthe, gwerolo lipatsidwe gawo lake ndipo lizimitsidwe m'magawo a anzake. Ngati ingasinthe, lisiyeni pamalo pake m'magawo onse, limvere karenti kapena voliteji ya gawo limene mulilo. Mukamaliza, bwezerani yankho mu seketi yathunthu ndipo mufike pa mphambano imodzi kudzera njira ziwiri. Kuyesa kumeneku kumatenga mizere iwiri yokha, ndipo kumagwira zolakwika zonse ziwiri zimene taziona.